Mmene Mungayambire Vidiyo Yaifupi Kuti Woonera Asadutse M'masekondi Atatu Oyamba

Munthu amene akuonera mavidiyo aafupi pa TikTok, pa Instagram Reels kapena pa YouTube Shorts sanasankhe vidiyo yanu. Yangomutulukira pa sikirini, chala chake chili kale pagalasi, ndipo akangochikankhira m'mwamba mwasowa. Pa vidiyo yaitali zinthu n'zosiyana, chifukwa munthu amayamba waona mutu ndi chithunzi chapachikuto, n'kudina mwa kufuna kwake, choncho amakhala ndi kachipiriro pang'ono. Pa vidiyo yaifupi yoimirira, mutu ndi chikuto ndi masekondi oyambirira omwewo. Ntchito ya masekondi amenewo ndi imodzi: kumuuza munthu chimene apeze akakhala, ndi kumuonetsa kuti chayamba kale kuchitika. Chimenechi ndiye chikoka cha vidiyo.

Masekondi atatu amaoneka ochepa, koma ngati mukujambula pa mafulemu 30 pa sekondi, ndi zithunzi 90 zotsatizana. Ambiri amawononga theka la zithunzi zimenezi osadziwa. Kuti malangizowa akhale ogwirika, titsatira vidiyo imodzi kuchokera poyamba mpaka pomaliza: vidiyo ya masekondi 25 yoonetsa kukonza zipi ya chikwama imene imatseguka kumbuyo ukaikoka. Vutoli limabwera kachitsulo koyenda pa zipi kakaphwasuka pang'ono, ndipo mankhwala ake ndi kukafinya mofatsa ndi pulayala mbali zonse ziwiri. Nkhani ndi yaing'ono, koma ili ndi zonse zofunika.

1. Lembani lonjezo la vidiyo musanagwire foni

Tengani pepala, lembani chiganizo chimodzi chonena chimene woonera akhale atadziwa kapena ataona vidiyo ikatha. Chiganizocho chikhale cha munthu mmodzi wodziwika ndi vuto limodzi lodziwika. "Malangizo osamalira zikwama" si lonjezo, ndi mutu wa nkhani chabe. "Zipi yotseguka kumbuyo ikhoza kukonzedwa ndi pulayala, osasintha zipi yonse" ndi lonjezo, chifukwa aliyense amene ali ndi chikwama chotero amadziona m'menemo nthawi yomweyo.

Mukalephera kulemba chiganizo chimenechi, vuto silili pa chiyambi, lili pa vidiyo yonse. Mwina muli ndi nkhani ziwiri kapena zitatu zimene mwazimanga pamodzi. Zimasuleni, iliyonse ikhale vidiyo yakeyake.

2. Jambulani zonse, kenako funani kamphindi kamphamvu kwambiri

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi pamene ambiri amasochera. Anthu amaganiza kuti chikoka ndi mawu anzeru amene umayenera kuwapeka. Nthawi zambiri chikoka chimakhala kale m'zimene mwajambula, kungoti chili pa sekondi ya 9 kapena ya 14, ndipo inu mwaika zinthu zina patsogolo pake.

Taonani mmene vidiyo ya zipi imajambulidwira koyamba ndi munthu amene sanaganizire zimenezi. Amadina batani lojambulira, n'kubwerera m'mbuyo kuti alowe bwino m'chithunzi. Sekondi imodzi yapita. Amapereka moni, n'kutchula dzina lake ndi dzina la tsamba lake. Tafika pa sekondi yachinayi. Amanena kuti lero akufuna kugawana nafe kanthu kena kothandiza kwambiri. Sekondi yachisanu ndi chiwiri. Kenako amanyamula chikwama, ndipo pa sekondi ya 10 ndi pamene tikuona zipi ikukokedwa, mano ake n'kuyasama kumbuyo kwa kachitsulo. Kamphindi kameneka, ka mano akuyasama, ndiko kamene kakanaimitsa chala cha munthu. Koma amene akanakaona anadutsa kalekale.

Ndiye mukamaliza kujambula, onerani zonse mawu mutazimitsa, mudzifunse kuti: ndi pati pamene maso anga agwidwa? Pa vidiyo yophunzitsa kukonza chinthu, malo otero amakhala awiri. Ena ndi pamene vuto likuoneka ndi maso, ena ndi pamene chinthu chakonzeka. Muyenera kusankha amodzi.

Kuyamba ndi vuto kumagwira bwino ngati vutolo ndi lodziwika kwa anthu ambiri ndipo limaoneka msanga. Zipi yoyasama ndi yotero: aliyense anaionapo, ndipo safunika kuuzidwa kuti yawonongeka. Kuyamba ndi zotsatira kumagwira bwino ngati zotsatirazo ndi zodabwitsa kuziona, monga nsapato yakuda bii imene yayera mbee, kapena chojambula chomalizidwa bwino. Zipi yokonzedwa imangooneka ngati zipi wamba, palibe chimene imauza munthu. Choncho pa vidiyo yathu tiyamba ndi vuto.

Moni sindikuuletsa. Ndikudziwa kuti kuyamba kulankhula osapereka moni kumamveka ngati mwano, ndipo inenso poyamba zinkandilemera pakamwa. Koma woonera uja sanakufikireni ngati mlendo, akudutsa pamsewu. Muyambe mwamupatsa chifukwa choimira. Ngati mukufuna kudzitchula dzina, teroni pakati kapena kumapeto, atalandira kale chimene munamulonjeza.

3. Konzani fulemu yoyamba ngati chithunzi choima pachokha

Imitsani vidiyo pa fulemu yoyamba yeniyeni, muiyang'ane ngati chithunzi. Munthu wosadziwa kalikonse angathe kunena kuti nkhani ndi ya chiyani? Ngati pakuoneka khoma, denga, kapena nkhope yanu maso ali pansi mukufunafuna batani, fulemuyo yatayika.

Vidiyo yoimirira imakhala ya muyeso wa 9:16, kawirikawiri 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali. Malo a m'mbali ndi ochepa, choncho chinthu chimodzi chokha ndicho chingalamulire chithunzi. Pa vidiyo yathu, bweretsani foni pafupi mpaka zipi idzaze pafupifupi theka la sikirini, iyende kuchokera pansi kupita m'mwamba motsatira kutalika kwa chithunzi. Dzanja likhale litagwira kale kachitsulo, ndipo likhale likukoka kale pa fulemu yoyamba. Kuyenda kwa chinthu n'kofunika: diso limathamangira chimene chikusuntha, ndipo vidiyo yoyamba ndi chithunzi chosagwedera imaoneka ngati yakanirira.

Pali tinthu tiwiri ta kamera timene timaipitsa sekondi yoyamba. Koyamba ndi kamera kufunafuna poti ilunjike, chithunzi n'kumachita mbuu kenako n'kuwala. Kachiwiri ndi kuwala kusinthasintha dzanja likalowa m'chithunzi. Pa mafoni ambiri, mukadina n'kugwiritsa chala pa chinthu chimene mukujambula, kamera imakhazikika pomwepo. Pa iPhone pamatuluka mawu akuti AE/AF LOCK. Chitani zimenezi musanayambe, ndipo jambulani masekondi awiri owonjezera kutsogolo amene mudzawadule pambuyo pake.

Musayambe ndi chithunzi chotuluka pang'onopang'ono mumdima, ndiponso musayambe ndi chizindikiro cha tsamba lanu chikuzungulira. Zinthu zimenezi zinachokera ku mavidiyo aatali. Pano zimangodya mafulemu 15 kapena 30 pa 90 aja.

4. Lankhulani chiganizo chimodzi chokwana m'masekondi atatu

Chiganizo choyamba chiyeseni ndi wotchi. Mawu a Chichewa ndi aatali, liwu limodzi limanyamula zimene zinenero zina zimanena ndi mawu atatu kapena anayi, choncho musawerenge mawu okha, yesani polankhula. Mukalankhula mwachibadwa, osathamanga, m'masekondi atatu mumalowa mawu asanu kapena asanu ndi limodzi. Mukapitirira apo mumayamba kumeza zilembo, ndipo woonera amangomva phokoso.

Tiyeni tiyese ziganizo zitatu za vidiyo yathu. Choyamba: "Lero ndikufuna ndikuonetseni njira yosavuta yokonzera zipi." Liwu lofunika, zipi, lili kumapeto kwenikweni, ndipo mawu atatu oyamba sakunena kanthu. Chachiwiri: "Simukhulupirira zimene ndatulukira!" Ichi chili ndi phokoso koma chilibe nkhani, chingakhale pa vidiyo ya mtundu uliwonse, ndipo anthu anatopa nacho. Chachitatu: "Zipi ikamatseguka chonchi, musataye chikwama." Mawu asanu. Liwu loyamba ndi dzina la chinthu. Liwu lakuti "chonchi" likuloza chimene maso akuona, choncho mawu ndi chithunzi zagwirana. Ndipo "musataye chikwama" likunena kuti pali njira, koma silinaulule njirayo. Munthu ayenera kukhala kuti aione.

Chiganizo chabwino chimasiya funso limodzi lotseguka, osati mafunso asanu. Woonera wathu akudziwa chinthu, akudziwa vuto, akudziwa kuti yankho lilipo. Chimene sakudziwa ndi chimodzi chokha: ndichite bwanji? Mukamubisira zonse, sachita chidwi, amasokonezeka, ndipo munthu wosokonezeka amadutsa. Mukamuuza zonse, monga kunena kuti "finyani kachitsulo ndi pulayala" pa sekondi yoyamba, walandira kale katundu wake ndipo alibe chodikira.

Funso lachindunji, longa "Kodi zipi yanu imavuta?", lili ndi ngozi yake: munthu akhoza kuyankha mumtima kuti ayi, n'kupita. Chiganizo chonena chinthu motsimikiza chimagwira ngakhale amene zipi yake ili bwino lero koma akukumbukira chikwama chimene anataya chaka chatha.

5. Ikani mawu olembedwa pa sikirini kuyambira fulemu yoyamba

Anthu ena amaonera foni ili chete, ena ali pamalo aphokoso. Kwa iwo mawu olembedwa ndiwo pakamwa panu. Akhale mawu atatu mpaka asanu, m'mizere yosaposa iwiri, ndipo aoneke pa fulemu yoyamba, asamachite kubwera chilembo chimodzichimodzi. Pa vidiyo yathu tingalembe kuti "Zipi yotseguka? Osataya chikwama". Akunena lonjezo lomwe lija. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi chakuti pakamwa pakunena china, cholembedwa chikunena china, chithunzi chikuonetsanso china. Munthu sangatsatire nkhani zitatu m'masekondi atatu.

Samalani ndi malo. Mapulogalamu onsewa amaika zinthu zawo pamwamba pa vidiyo yanu: kumanja kuli mabatani, pansi pali dzina lanu ndi mawu ofotokozera, pamwamba penipeni palinso zolemba zawo. Mukagawa sikirini m'magawo atatu kuchokera pamwamba, malo abwino a mawu anu ndi chakumunsi kwa gawo loyamba kapena pakati, motalikirako ndi m'mphepete mwa kumanja. Zilembo zoyera zokhala ndi mzere wakuda m'mbali, kapena zokhala pa kabokosi kakuda, zimawerengeka pa chithunzi cha mtundu uliwonse. Ndipo zisaphimbe zipi imene mukufuna anthu aione.

6. Dulani kutsogolo mpaka palibenso chodula

Tsegulani vidiyo mu pulogalamu yodulira, monga CapCut kapena chodulira cha m'pulogalamu imene mutumizireko. Tambasulani mzere wa nthawi ndi zala ziwiri mpaka muzitha kuyenda fulemu imodziimodzi. Yang'anani mzere wa mawu, uja wooneka ngati timapiri. Kutsogolo kwa liwu loyamba mupeza kachigawo kosalala: ndi pamene munkakoka mpweya. Kawirikawiri kamakhala theka la sekondi, amene ndi mafulemu 15, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a nthawi yanu yonse. Ikani mzere wodulira patsogolo pang'ono pa kaphiri koyamba, dinani Split, chotsani chidutswa chakutsogolocho. Siyani mafulemu awiri kapena atatu okha kuti "zi" wa "zipi" asadulidwe mutu.

Ngati mwaika nyimbo, itsitseni kwambiri pansi pa mawu anu, ndipo isayambe ndi kachigawo kake kachetechete. Phokoso lenileni la chinthu nalonso ndi chikoka. Kulira kwa zipi ikamakokedwa ndi mawu amene khutu limazindikira msanga, choncho musawakwirire ndi nyimbo.

Vidiyo yathu tsopano ikuyenda chonchi. Kuyambira pa 0 mpaka sekondi imodzi ndi theka, dzanja likukoka zipi, mano akuyasama, mawu olembedwa ali kale pa sikirini, ndipo pakamwa pakuti "Zipi ikamatseguka chonchi". Kuchokera apo mpaka sekondi yachitatu, chithunzi chasintha, pulayala yalowa pafupi ndi kachitsulo, pakamwa pakumaliza kuti "musataye chikwama". Kusintha kwa chithunzi kumeneku kukupatsa diso chinthu chatsopano, ndipo pulayala ikuonetsa kuti yankho layandikira ngakhale sitinanene kuti igwira ntchito bwanji.

7. Lipirani lonjezo msanga

Sekondi yachinayi ndi yofunika ngati yoyamba. Ambiri akapeza chikoka chabwino amapuma, n'kubweza zonse zimene anadula zija: moni, dzina, mbiri ya chikwama, pempho loti anthu awatsatire. Woonera amaona kuti wakokedwa ndi nyambo chabe. Pa vidiyo yathu, sekondi yachinayi iyambe ntchito: bwezani kachitsulo kumayambiriro a zipi, onetsani kampata pakati pa mbali yake yapamwamba ndi yapansi kamene kakula, finyani pang'ono mbali imodzi, kenako inayo, yesani kukoka. Chenjezani kuti kufinya kwambiri kumakanikiza kachitsulo kapena kukathyola, choncho ndi bwino kufinya pang'ono kawiri kusiyana ndi kamodzi mwamphamvu. Pofika sekondi ya 20 zipi yatsekeka bwinobwino, ndipo munthu waona ndi maso chimene anauzidwa pachiyambi.

Chikoka chisalonjeze zimene vidiyo ilibe. Njira ya pulayala imathandiza ngati vuto ndi kachitsulo kophwasuka. Ngati mano a zipi athyoka kapena asowa, siigwira. Ndiye kulemba kuti "Konzani zipi iliyonse" ndi bodza, ndipo amene ayese n'kulephera sadzaimanso akadzaona nkhope yanu. Liwu lija lakuti "chonchi" likutitetezanso apa, chifukwa likunena za vuto lokhalo limene likuoneka.

8. Yesani pa munthu mmodzi musanatumize

Patsani foni munthu amene sakudziwa za vidiyoyi, mawu mutazimitsa. Ikangofika pa sekondi yachitatu, imitsani, mumufunse kuti vidiyoyi ikunena za chiyani ndipo akuganiza kuti chichitike n'chiyani. Akayankha kuti "mukufuna kukonza zipi ndi pulayala", mwakhoza. Akati "kaya, za chikwama", bwererani ku fulemu yoyamba ndi mawu olembedwa. Musamufunse ngati waikonda, chifukwa adzakuyankhani mokusangalatsani.

9. Werengani pamene anthu akuchokera

Vidiyo ikakhala pa intaneti masiku awiri kapena atatu, tsegulani ziwerengero zake. Pa YouTube Studio, ma Shorts ali ndi chiwerengero choyerekeza amene anaonera ndi amene anadutsa, ndipo mawu akuti Swiped away ndiwo akunena odutsawo. Pa TikTok mupeza Average watch time, imene ndi nthawi imene munthu mmodzi amaonera pa avereji, ndi Watched full video, kuchuluka kwa amene anaonera mpaka kumapeto. Koma chimene chimaphunzitsa kwambiri ndi girafu yoonetsa kuchuluka kwa anthu amene atsala pa sekondi iliyonse. Musadalire chiwerengero cha oonera chokha. Kuyambira mu 2025, YouTube imawerenga Short kuti yaonedwa ikangoyamba kuseweredwa, choncho nambala yaikulu siikutanthauza kuti anthu anakhala.

Girafu ya vidiyo iliyonse imatsika pachiyambi, ngakhale ya vidiyo yabwino, chifukwa si onse amene nkhani yanu ikuwakhudza. Chofunika ndi kuona pamene yagwera kwambiri. Ikagwa ngati phompho m'sekondi yoyamba, anthu sanamve n'komwe chiganizo chanu. Vuto ndi chithunzi choyamba, mwina ndi chamdima, chakutali, kapena chosayenda. Ikagwa pakati pa sekondi yachiwiri ndi yachitatu, chithunzi chinawaimitsa koma mawu sanawapatse chifukwa chokhalira. Ikayenda bwino mpaka sekondi yachitatu n'kugwa pa yachinayi kapena yachisanu, chikoka chagwira ntchito yake, koma mwachedwa kulipira, kapena chimene chikutsatira sichikufanana ndi lonjezo.

Tiyerekeze kuti vidiyo ya zipi yaonedwa ndi anthu 1,000, ndipo girafu ikuonetsa kuti pa sekondi yachitatu atsala 700, pa yachisanu ndi chimodzi atsala 350. Musakhudze chiyambi. Pitani pa sekondi yachinayi ndi yachisanu muone chimene chilipo. Mwina mupeza kuti mwatha masekondi awiri mukutembenuza chikwama kufuna mbali yabwino. Dulani amenewo. Koma zikanakhala kuti pa sekondi yachitatu atsala 350 kale, ntchito ikanakhala pa fulemu yoyamba ndi chiganizo choyamba.

Yerekezani ziwerengerozi ndi mavidiyo anu omwe, a utali wofanana ndi nkhani zofanana, osati ndi a anthu ena. Vidiyo ya masekondi 10 ndi ya masekondi 60 sizingakhale ndi girafu yofanana. Ndipo vidiyo imene yaonedwa ndi anthu 40 siingakuuzeni zambiri, chifukwa anthu asanu okha akhoza kupotoza girafu yonse. Dikirani ifike mazana angapo.

Pa vidiyo yotsatira sinthani chinthu chimodzi chokha. Ngati ulendo uno munayamba ndi vuto, ulendo winawo yambani ndi zotsatira, koma kajambulidwe, malo a mawu olembedwa ndi utali zikhale momwemo. Mukasintha zinthu zinayi nthawi imodzi, girafu ikakwera simudziwa chimene chakweza. Sungani kabuku kolembamo zinthu zinayi pa vidiyo iliyonse: chimene chinali pa fulemu yoyamba, chiganizo choyamba, mawu olembedwa, ndi kuchuluka kwa anthu amene anatsala pa sekondi yachitatu. Mukafika pa mavidiyo khumi, ikani pamodzi atatu apamwamba ndi atatu apansi, muimitse iliyonse pa fulemu yoyamba, muone chimene atatu apamwambawo ali nacho chimene enawo alibe.